Mlangizi Akakhalanso Mbale Wako

Ogwira ntchito m'zipatala za kumidzi amalidziwa bwino khalidwe ili. Munthu amalambalala chipatala chimene chili pafupi ndi kwawo, n'kulipira kabaza kuti akayezetse magazi kapena akatenge ma ARV ku chipatala cha kutali. Mankhwala ndi omwewo, ndipo m'zipatala za boma ndi aulere konsekonse. Chimene munthuyo akuthawa ndi nkhope yodziwika. Mlangizi wa pa chipatala chapafupicho amaimba naye kwaya imodzi, kapena ndi msuweni wa apongozi ake, kapena akazi awo amatunga madzi pa mjigo umodzi. Mwina mlangiziyo sanaululepo chinsinsi cha munthu chiyambireni ntchito. Koma wodwalayo sangaone za mumtima mwa mnzake. Chimene akudziwa n'chakuti Lamlungu adzakhala naye pa benchi imodzi.

Akatswiri a uphungu amalitcha vutoli ubale wapawiri. Limakhalapo pamene mlangizi ndi munthu amene akumuthandiza ali ndi ubale wina kunja kwa chipinda cha uphungu, kaya wa magazi, wa mpingo, wa malonda, wa ngongole kapena wa unansi chabe. Limakhalaponso pamene mlangizi ali pafupi kwambiri ndi mkazi, mwamuna kapena kholo la munthuyo. Mabuku ambiri ophunzitsa uphungu analembedwa ndi anthu a m'mizinda ikuluikulu ya ku America ndi ku Ulaya, komwe yankho lake n'lapafupi: ngati mukudziwana, m'tumize kwa mlangizi wina, poti alipo ambirimbiri mumzinda momwemo. Kuno zinthu zinakonzedwa mwina, ndipo zinakonzedwa motero mwadala. Alangizi a zaumoyo amayenera kukhala m'dera limene akugwiramo ntchito. Anthu amene ali pa ma ARV ndipo amalimbikitsa anzawo pa chipatala amasankhidwa chifukwa ndi a komweko. Ku Zimbabwe, ntchito ya Friendship Bench, imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mumzinda wa Harare mu 2006, inadalira agogo a m'dera momwemo kuti azicheza ndi anthu ovutika maganizo pa mabenchi a kunja kwa chipatala. Munthu wa komweko amadziwa chilankhulo, amadziwa kuti banja lakutilakuti linakangana chifukwa cha munda, ndipo sachoka polojekiti ikatha. Kudziwana kumene kumathawitsa ena n'komwenso kumabweretsa ena.

Ngakhale malamulo a bungwe la akatswiri a zamaganizo ku America, amene mayiko ambiri amatengerako, sanena kuti ubale uliwonse wapawiri ndi mlandu. Amaletsa ubale umene ungasokoneze kaganizidwe ka mlangizi pa ntchito yake, kapena umene ungachititse kuti wothandizidwayo adyeredwe masuku pamutu kapena avulazidwe. Choncho funso si lakuti kodi mukudziwana. Funso n'lakuti kudziwanako kudzachita chiyani.

Mu 1993 katswiri wina wa ku America, Michael Gottlieb, anapereka zinthu zitatu zoyezera nkhaniyi, ndipo zimagwira ntchito bwino ngakhale pa mudzi. Choyamba ndi mphamvu: kodi mlangizi ali ndi mphamvu zochuluka bwanji pa munthuyo? Chachiwiri ndi kutalika kwa nthawi imene adzakhale akuonana. Chachitatu n'chakuti kodi kuthandizanako kuli ndi pothera podziwika, kapena munthuyo angathe kubweranso tsiku lililonse. Mlangizi amene walankhula kamodzi pa msonkhano wa amayi za kulera ana ali ndi mphamvu zochepa pa omvera ake, ndipo akhoza kugula nawo tomato mawa popanda vuto. Mphunzitsi amene amapereka uphungu kwa mtsikana wa fomu 3 komanso ndiye amachonga mayeso ake ali ndi mphamvu ziwiri nthawi imodzi, kwa chaka chathunthu. Ndipo mlangizi amene wauza munthu kuti ali ndi HIV wasenza nkhani yopanda pothera. Munthuyo adzamwa mankhwala moyo wake wonse, ndipo mlangiziyo adzaidziwa nkhaniyo moyo wake wonse, ngakhale atasiya ntchito.

Ine ndimaona kuti pa mudzi chinsinsi sichiululika kawirikawiri chifukwa mlangizi wabwebweta. Alangizi ambiri amagwira pakamwa. Chimaululika chifukwa zimene mlangizi wamva m'chipinda zimasintha zochita zake kunja, ndipo anthu a pa mudzi amawerenga zochita mwaluso kuposa mawu. Tiyeni tione nkhani imodzi yongoyerekeza, koma ya mtundu umene alangizi amakumana nawo.

Mkamwini pa khomo la chipinda

Tiyerekeze mayi amene amayeza magazi ndi kupereka uphungu pa chipatala chaching'ono. Oyeza magazi alipo awiri, koma mnzake wapita ku maphunziro ku boma sabata yonse. Lachitatu m'mawa pakulowa mnyamata woyendetsa kabaza wa njinga yamoto, amene a dokotala am'tumiza chifukwa wakhala akutsokomola kwa nthawi. Mnyamatayu ali pa ubwenzi ndi mwana wamkazi wa mkulu wake wa mlangiziyo, ndipo chinkhoswe chili mwezi wamawa. Pa chikhalidwe chathu mtsikanayo ndi mwana wa mlangiziyo, amamuitana kuti mayi aang'ono. Ndiye kuti amene waima pa khomoyo ndi mkamwini, ndipo wakhala pa mpandoyo ndi mpongozi.

Nthawi yabwino yokonzera nkhaniyi ndi yomweyo, chala chisanabayidwe. Kachipangizo koyezera kamaonetsa zotsatira pakangotha mphindi 15, ndipo zimene maso aona sizibwezeka. Mlangizi wodziwa ntchito amatseka chitseko n'kunena poyera chimene onse awiri akuchiona: "Bambo, inu ndi ine tikudziwana, ndipo mukudziwa kuti mukulowa m'banja mwathu. Ntchito ino imafuna ndikufunseni mafunso amene mkamwini sangayankhe momasuka kwa apongozi ake. Ndikuona kuti ndi bwino akuthandizeni munthu wina." Kenaka amam'patsa njira zenizeni: namwino kapena dokotala wa pompo amene anaphunziranso kuyeza, tsiku limene mnzake uja adzabwere, kapena chipatala china. Kungonena kuti "pitani kwina" n'kumuthamangitsa, ndipo mnyamata amene anadzikakamiza kubwera lero mwina sadzabweranso.

Pali zifukwa ziwiri zochitira zimenezi, ndipo chachiwiri anthu amachiiwala. Choyamba ndi chinsinsi. Chachiwiri n'chakuti uphunguwo sungayende. Mlangizi amayenera kufunsa za anthu amene munthu wagonana nawo, za kondomu, za matenda opatsirana pogonana. Mkamwini amene mwambo unam'phunzitsa kupatuka panjira akaona apongozi sanganene kuti ali ndi chibwenzi china ku tauni. Adzanama, ndipo mlangizi adzam'patsa malangizo ochokera pa bodzalo. Ulemu womwewo ukhoza kum'chititsa kuvomera kuyezedwa pamene mumtima sakufuna, chifukwa kukana pamaso pa apongozi kungaoneke ngati ali ndi chobisa. Chilolezo chotere si chilolezo.

Koma tinene kuti zinthu sizinayende motero. Mwina mlangizi sanadziwe kuti mnyamatayu ndi amene akufunsira mwana uja, poti anangomva dzina la bambo ake. Mwina anangoona zotsatira m'kaundula potseka malipoti a mwezi. Mulimonsemo, tsopano akudziwa kuti mnyamatayo ali ndi HIV, ndipo Loweruka mkulu wake amuitana kuti akakambirane za mphatso za pa chinkhoswe.

Apa mtima umanena kuti chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mwana wako sungamuone akulowa m'ngozi iwe uli chete. Mtimawo sukunama. Koma taonani chimene chingachitike mlangizi akapita usiku kukanong'oneza mkulu wake. Chinkhoswe chidzatha, chifukwa chake chidzadziwika mudzi wonse pasanathe sabata, mnyamatayo akhoza kuthawa m'deralo asanayambe mankhwala, ndipo mtsikanayo, amene mwina anagona naye kale, sadzalandira uphungu woyenera koma manyazi okha. Pamwamba pa izo, aliyense amene anayezetsapo kwa mayiyu adzayamba kuwerenga abale ake. Lamulo la dziko lino lokhudza HIV ndi Edzi, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limateteza chinsinsi cha zotsatira za munthu, ndipo wogwira ntchito za umoyo amene waulula mosatsata njira akhoza kuimbidwa mlandu.

Kusunga chinsinsi sikutanthauza kukhala manja lende. Choyamba mlangizi apite kwa womuyang'anira, amene pa chipatala chaching'ono nthawi zambiri amakhala inchaji, n'kunena kuti pa munthu uyu ali ndi ubale umene sungam'lole kupitiriza. Nkhaniyo ichoke m'manja mwake ipite kwa mlangizi wina, ndipo mnyamatayo auzidwe kuti zatero komanso chifukwa chake. Ayeneranso kumva kuchokera pakamwa pa mayiyo kuti zimene akudziwa sizidzafika kwa mkulu wake. Mawu amenewa ndi ofunika, chifukwa munthu amene akuganiza kuti apongozi aulula kale amayamba kubisala.

Mlangizi watsopanoyo ndiye adzagwire ntchito yoteteza mtsikanayo, ndipo njira zake zilipo kale m'zipatala zathu. Mnyamatayo akhoza kukam'fotokozera yekha n'kubwera naye. Akhoza kupangana ndi mlangizi kuti pakatha masiku akutiakuti asanabwere naye, achipatala adzam'fikira okha. Akhoza kupempha kuti amuuze pamaso pa mlangizi, kuti pakhale wothandiza kuyankha mafunso. Kapena achipatala akhoza kuitana mtsikanayo kudzayezetsa osatchula amene wam'tchula. Pali ndi zina zoti mnyamatayo amve, zimene zimachepetsa mantha oulula: akayamba ma ARV n'kumamwa mokhulupirika, tizilombo timachepa m'magazi, kwa ambiri pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, kufika poti sangapatsire mnzake pogonana, ndipo ngati mtsikanayo alibe HIV, pali mankhwala oteteza amene angamwe pa nthawi yodikirayo. Mabanja amene wina ali ndi HIV wina alibe alipo ambiri, ndipo amabereka ana opanda kachilombo.

Nanga akakanitsitsa? Malangizo a mabungwe a dziko lonse oona za Edzi ndi ufulu wa anthu amalola wachipatala kudziwitsa mnzake wogonana naye, koma pokhapokha munthuyo atalangizidwa mokwanira, atakana kusintha kapena kuulula, chiopsezo chili chenicheni, ndipo iye atachenjezedwa pasadakhale kuti achipatala achita zimenezo. Chigamulo chotere n'cholemera, ndipo chimafunika kupangidwa ndi akuluakulu a chipatala motsata malamulo. Munthu womaliza amene angachipange bwino ndi mayi aang'ono a mtsikanayo, chifukwa iye sangasiyanitse pamene akuganiza ngati mlangizi ndi pamene akuganiza ngati kholo.

Chovuta kwambiri chatsala, ndicho Loweruka lija. Wina angati palibe vuto, angouza mwanayo kuti akayezetse limodzi ndi bwenzi lake asanalowe m'banja, poti ndi malangizo abwino kwa aliyense. Zimadalira. Ngati mayiyu amadziwika kuti mwana aliyense wa pa banjapo akafuna kukwatiwa amamuuza zomwezo, mawuwo sadzadabwitsa munthu. Koma ngati ana atatu anakwatiwa iye osanenapo kanthu, ndiye lero akuumirira, nkhope itagwa, patangopita masiku atatu anthu ataona njinga ya mnyamatayo pa chipatala, waulula. N'chimodzimodzi akakana mwadzidzidzi kuphika nawo pa chinkhoswe, kapena akayamba kufunsa ngati mwanayo sangadikire chaka china. N'chifukwa chake mlangizi wa pa mudzi amafunika kukhala ndi zizolowezi zokhazikika nthawi ya mtendere: kulangiza onse ofuna banja mofanana, kukana kukhala nkhoswe kapena mboni pa milandu ya mabanja a m'dera lake, ndi kuzolowetsa abale kuti funso lakuti "uja anabwera kudzatani?" silimayankhidwa, kaya munthuyo anabwera ndi chilonda cha pa mwendo. Akamayankha pa nkhani zazing'ono, tsiku limene adzakhale chete ndilo lidzanene zonse.

Sindikufuna kunamiza owerenga kuti njirayi imathera pabwino nthawi zonse. Mtsikanayo akhoza kudzadziwa patsogolo kuti mayi ake aang'ono ankadziwa, ndipo akhoza kusawakhululukira. Umenewo ndi mtengo weniweni wa ntchitoyi, ndipo amene amalemba alangizi ntchito kwawo komwe ayenera kuwauza zimenezi asanayambe.

Ndalama, nkhuku ndi moni

Nkhani za HIV n'zimene zimamveka kwambiri, koma ubale wapawiri umaluma mwakachetechete pa ndalama. Tinene kuti mlangizi wa za maganizo ali mu komiti ya banki m'khonde. Mayi wina wa m'gulumo anamuuza m'chipinda kuti mwamuna wake amatha ndalama ku mowa ndi kubetcha mpira, ndipo iye watenga kale katapila kuti abise. Pa msonkhano wotsatira mayiyo akupempha ngongole yaikulu. Mlangizi akatsutsa, wagwiritsa ntchito chinsinsi kulanga munthu amene anam'khulupirira. Akavomereza, waika ndalama za anzake pa ngozi imene iye yekha akuidziwa. Palibe njira yoyera pa tsikulo. Njira yoyera inali kale: kukhala membala wamba amene amasunga ndi kubwereka ngati wina aliyense, osakhala pa mpando wogamula ngongole za anthu. Lamulo lomweli likukhudza mkulu wa mpingo amene amapereka uphungu komanso amakhala pa bwalo loweruza amene aikidwe pa chilango, ndi mlangizi amene ali mu komiti yolemba mayina a olandira thandizo. Kumva zinsinsi za anthu ndi kugamula za anthu omwewo ndi ntchito ziwiri zosayenera kukhala m'manja amodzi.

Kubwereka kapena kubwereketsa ndalama kwa munthu amene ukum'patsa uphungu n'koipa mbali zonse. Amene ali ndi ngongole amathawa mwini ndalama, ndiye amathawanso uphungu. Ndipo mlangizi akapempha ngongole, wothandizidwayo sangakane munthu amene wasunga nkhani yake. Ganyu nayenso ali ndi msampha womwewo. Mayi amene akupalira m'munda mwa mlangizi wake sangadandaule kuti malipiro achepa.

Mphatso ndiye pamafunika nzeru osati lamulo louma. Gogo akabwera ndi maungu awiri kudzathokoza, kuwakana n'kumunyoza, ndipo ubale wothandizana umaonongeka kuposa ukanawalandira. Zofunika kuyang'ana ndi kukula kwa mphatsoyo poyerekeza ndi zimene woperekayo ali nazo, nthawi imene yabwera, ndi chimene ikupempha. Maungu a nthawi yokolola ndi kuthokoza. Mbuzi yochokera kwa bambo amene mkazi wake wangoyamba kumene kufotokoza za nkhanza za kunyumba ndi chiphuphu, ngakhale itabwera ndi mawu okoma. Alangizi ena amaika mphatso zazing'ono pa tebulo la ogwira ntchito onse n'kumuuza woperekayo kuti atero, ndipo zimathandiza chifukwa mphatsoyo imasanduka ya chipatala.

Pa za moni, mabuku akunja amaphunzitsa kuti mlangizi akakumana ndi womuthandiza panjira asayambe kupereka moni, adikire mwiniyo. Kumeneko n'kuteteza. Kuno kudutsa munthu wodziwana naye osam'patsa moni ndi nkhani yokambidwa pa chigayo tsiku lonse. Choyenera n'kupereka moni womwewo umene unkaperekedwa kale, osaonjezera, osachotsera. Choopsa chili m'mawu oonjezera aja okoma mtima: "Mukupezako bwanji tsopano?" kapena "Lachinayi musaiwale." Pa siwa, pamene anthu akhala mothinana usiku wonse, mawu ochepa otere amamveka ndi makutu khumi. Mlangizi wabwino amakambirana zimenezi pa tsiku loyamba: tikakumana ku tchalitchi tidzachita bwanji, wina akakufunsani kuti mumadzatani kwa ine mudzati chiyani, ndikafuna kukupezani ndiimbe foni kapena nditume uthenga, ndipo foniyo mumagwiritsa ntchito ndi ndani. Funso lomalizali n'lofunika m'nyumba zimene foni ndi imodzi. Kuyendera munthu kunyumba nakonso kumalankhula. Anthu akadziwa kuti wakutiwakuti amayendera amene asiya kutenga mankhwala, njinga yake ikatsamira pa khonde la munthu, anansi amva kale.

Nkhani zimayendanso chobwerera, kuchokera kumudzi kulowa m'chipinda. Mlangizi amamva pa maliro kuti mnyamata amene akuti anasiya chamba anaoneka akusuta kudambo. Akakhala chete n'kumamuyang'ana mokayikira, mnyamatayo amamva kuti china chasintha. Akam'panikiza ngati wapolisi, uphungu watha. Njira yabwino n'kunena mosabisa kuti pa mudzi pamamveka zambiri, wamva zakutizakuti, sakudziwa ngati n'zoona, ndipo akufuna kumva kwa mwiniwake. Gwero la mphekeserayo salitchula, chifukwa akatero wayambitsa mkangano wina.

Pali malire amodzi amene kuchepa kwa mudzi sikuwasuntha. Mlangizi sachita chibwenzi kapena kugonana ndi munthu amene akum'patsa uphungu, ngakhale atayambitsa ndi wothandizidwayo, ngakhale onse ali osakwatira. Munthu amene wabwera atasweka mtima n'kupeza womumvetsera amatha kuona ngati ndi chikondi, ndipo mlangizi amene wapezerapo mwayi wagwiritsa ntchito zofooka zimene anauzidwa mwachinsinsi. Ku America bungwe la akatswiri a zamaganizo limaletsa zimenezi ngakhale kwa zaka ziwiri uphungu utatha, ndipo la alangizi limaika zaka zisanu. Kumbali inayi, munthu amene unakhalapo naye pa chibwenzi sungakhale mlangizi wake.

Pamene chinsinsi chili ndi pothera

Kudziwana kumaononganso mbali ina, imene ndi yoopsa koposa: kumatseka pakamwa pamene mlangizi amayenera kulankhula. Mtsikana wa zaka 13 akaulula kuti amalume ake amam'gwirira, lamulo loteteza ana la 2010 limafuna kuti nkhaniyo ikafike kwa apolisi kapena a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Koma amalumewo ndi nyakwawa, kapena ndi amene anabwereketsa ngolo pa maliro a bambo ake a mlangizi. Abale amabwera usiku kudzapempha kuti nkhaniyi ithere pa banja. Apa mlangizi wa pa mudzi amayesedwa kuposa wa mu tauni, chifukwa adzakhalabe pakati pa anthu omwewo mlandu utatha. Chomuteteza n'kusasenza yekha: anene kwa womuyang'anira tsiku lomwelo, lipoti lituluke m'dzina la chipatala kapena la sukulu, ndipo mwanayo aonedwe ndi achipatala msanga, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Nambala yaulere ya 116 iliponso yothandiza pa nkhani za ana. Chimodzimodzi munthu akaonetsa kuti akufuna kudzipha kapena kuvulaza wina, mlangizi amayenera kuitana thandizo. Malire amenewa amanenedwa pa tsiku loyamba, munthu asanayambe kufotokoza, kuti asadzaone ngati wapusitsidwa.

Kawirikawiri malire sagwa tsiku limodzi, ndipo mlangizi woona mtima akhoza kuona zizindikiro mwa iye yekha. Nthawi yocheza ndi munthu mmodzi imayamba kutalika kuposa ya ena. Zokambirana zimasamukira kunyumba madzulo. Mlangizi amayamba kufotokoza mavuto a m'banja mwake kwa amene anabwera kudzathandizidwa. Pali funso limene akudziwa kuti ayenera kufunsa koma akulizemba chifukwa yankho lake likhudza mbale wake. Chizindikiro chodalirika kwambiri n'chakuti pali kanthu kamene sangafune kulemba m'faelo kapena kuuza womuyang'anira. Mayi wa nkhani yathu ija akanayamba kuganiza kuti "ndingoona ndekha, inchaji asadziwe," pomwepo n'pamene pakanayambira ngozi.

Ndipo kunyumba kwa mlangizi nakonso nkofunika kukuyang'ana. Munthu amene wamva zowawa tsiku lonse amafuna pozitulira, ndipo wapafupi ndi mwamuna kapena mkazi wake. Mu tauni kufotokoza nkhani osatchula dzina kumabisa munthu. Pa mudzi kunena kuti "mayi wina wa ana anayi amene mwamuna wake ali ku Joni" n'kutchula dzina. N'chifukwa chake mlangizi wa kumudzi amafunika womuyang'anira kapena mlangizi mnzake wa dera lina, ngakhale wolankhulana naye pa foni, amene nkhanizo sizim'khudza. Zipatala zoyandikana zikhozanso kugwirizana kuti zizilandirirana abale a ogwira ntchito, ndipo mlangizi aliyense azidziwitsiratu womuyang'anira mabanja amene sangawathandize. Zimenezi sizifuna bajeti.

Wofuna uphungu naye ali ndi zonena. Ali ndi ufulu wopempha mlangizi wina osafotokoza chifukwa, wofunsa kuti faelo yake imasungidwa kuti ndipo amaiona ndani, ndi wokana kuyenderedwa kunyumba. Ngati chinsinsi chake chaululika, akhoza kudandaula kwa inchaji, koma aganize kawiri asanapite ku komiti ya chipatala ya m'deralo, chifukwa mamembala ake ndi anansi omwewo, ndipo pofotokoza dandaulolo adzakhala akuulula nkhani yake kachiwiri. M'zipatala za pa boma muli ofesi ya ombuzimani wa chipatala yolandira madandaulo, ndipo anamwino ndi madokotala ali ndi makhonsolo amene anawalembetsa ndipo angawalange. Polemba dandaulo, munthu atchule tsiku limene anaonana ndi mlangiziyo, amene anadzamva nkhaniyo, ndi mawu amene ananenedwa, chifukwa pa mudzi woimbidwa mlandu amayankha msanga kuti anthu anangoganizira okha ataona munthuyo pa mzere.